Mota siyezedwa kutentha ndi dzanja, yezani maomu a koyilo

Chiyambireni kutentha kwa Okutobala uno, malo a amisiri owayinda mamota adzaza ndi mamota akupsa. Ena achokera m'zigayo, ambiri ndi a mapampu othirira mbewu kudimba. Ukatsegula chivundikiro, vanishi wada bii, akununkha, ndipo ukamukanda ndi chikhadabo akungoyoyoka. Mwini wake ukamufunsa, yankho limakhala lomwe lija: "Koma ndinkaigwira ndi dzanja tsiku lililonse, sinkatentha kwenikweni."

Kugwira ndi dzanjaku ndi kumene kwatha mamota chaka chino, ndipo kunena zoona kwanditopetsa. Dzanja limakhudza chitsulo chakunja, chomwe chili ndi mizere yotayira kutentha komanso chikupemereredwa ndi fani nthawi yonse. Chimene chimapsa sichili pamenepo. Chili mkati, m'mipata momwe mwalowa waya wa kopa, kuseri kwa pepala ndi vanishi. Kutentha kumabadwira m'wayamo, ndipo pofika kunja kumakhala kutachepa ndi madigiri makumi angapo. Komanso dzanja la munthu likafika pa chitsulo cha madigiri 60 limangothawa, silisiyanitsa 60 ndi 90. Ndiye mota imene ili bwinobwino mumaizimitsa poopa, imene ikufa mumaisiya izigwira ntchito.

Choipa kwambiri ndi chizolowezi chofunditsa mota chiguduli chonyowa. Chigudulicho chimaziziritsa malo okhawo amene mukugwira, kwinaku chikutseka njira ya mphepo ya fani. Dzanja lanu limasangalala, koyilo ikupserera mkati. Chonde, zigudulizo zichoke.

Mlimi wina wa tomato ndi anyezi kumunsi kwa Shire anandikanira kwamtuwagalu pa nkhani imeneyi. Anati, "Alangizi, pampu iyi ndakhala nayo zaka. Bambo anga ankathira madzi injini ya dizilo, sinafe. Inu mwabwera ndi masamu anu." Ndinawayankha kuti, "Bambo, injini ija ndi ina, iyi ndi mota ya magetsi, chimene chimaiteteza ndi vanishi wopyapyala kuposa chikhadabo chanu." Anaseka. Mota ija inali itawayindidwa kale kamodzi, ndipo iwo anali atasintha pampu n'kuika yaikulupo kuti madzi afike kumunda wakumtunda. Inapsa tomato ali pa maluwa. Pamene ankasakasaka ndalama yowayinditsa ndi yonyamulira motayo kupita nayo ku Blantyre, maluwa anayoyoka. Ndalama ya mmisiri inali yochepa poyerekeza ndi tomato amene anapita.

Chipangizo choyezera kutentha kwa mkati chili kale m'mota yanuyo, ndi waya wa kopa womwewo. Kopa akatentha, rezisitansi yake, yomwe timaiyeza m'maomu, imakwera mosaphonya, pafupifupi 0.4 pa 100 pa digiri iliyonse. Waya amene ali ndi maomu 1.00 pa madigiri 20 amakhala ndi maomu 1.39 akafika madigiri 120. Choncho mukadziwa maomu a koyilo mota ili yozizira, n'kuyezanso itangomaliza ntchito, kusiyana kwakeko kukuuzani kutentha kumene waya anafika. Ndi momwe opanga mamota amayezera kufakitale, motsatira muyezo wa IEC 60034-1, ndipo masamu ake ndi awa:

```
T2 = (R2 / R1) x (235 + T1) - 235
kukwera = T2 - Ta
```

R1 ndi maomu a mota yozizira, T1 ndi kutentha kwake pa nthawi imeneyo. R2 ndi maomu itangozimitsidwa, ndipo Ta ndi kutentha kwa mpweya wozungulira mota pa nthawi yozimitsayo. Nambala ya 235 ndi ya kopa. Mabuku ena amalemba 234.5, musadandaule nazo, yankho limasiyana pang'ono zedi. Ngati waya ndi wa aluminiyamu, monga zimakhalira m'mamota ena otchipa, muikepo 225.

Tiyeni titenge mota ya pampu ya makilowati 4, ya mafezi atatu. M'mamawa, itagona usiku wonse osagwira ntchito, mpweya uli pa madigiri 24, mwayeza pakati pa nsonga zolembedwa U1 ndi V1 m'bokosi la mawaya a mota mwapeza maomu 2.40. Mwaiyatsa, yapopa madzi mpaka masana. Pozimitsa, mpweya m'kanyumba ka pampu uli pa madigiri 36, ndipo pa nsonga zomwe zija mwapeza maomu 3.40. Gawani 3.40 ndi 2.40, mupeza 1.417. Wonkhetsani 235 ndi 24, mupeza 259. Chulukitsani 259 ndi 1.417, mupeza 367, ndipo mukachotsapo 235 patsala 132. Ndiye kuti waya anafika madigiri 132. Kukwera kwake ndi 132 kuchotsapo 36, omwe ndi madigiri 96. Onetsetsani pamenepa: mukuchotsa kutentha kwa mpweya wa masana, osati 24 wa m'mawa uja. Ambiri amalakwitsa apa n'kupeza 108.

Tsono 96 ndi wabwino kapena woipa? Zitengera vanishi ndi pepala zimene zili m'motamo. Pa kachitsulo kolembedwa kali pambali pa mota pamakhala mawu monga `INS CL B` kapena `INS CL F`. Kalasi B imapirira madigiri 130 pamalo otentha kwambiri, ndipo mwa njira ya maomuyi imaloledwa kukwera ndi 80. Kalasi F imapirira 155, imaloledwa kukwera ndi 105. Malire amenewa anawerengedwa poganizira mpweya wa madigiri 40. Mukawonkhetsa 40 ndi 80 mupeza 120, osati 130, ndipo madigiri 10 otsalawo sanaiwalike. Njira ya maomu imapereka kutentha kwa pakatikati kwa waya yense, koma penapake, kawirikawiri kumapeto kwa makoyilo kumbali yotalikana ndi fani, pamatentha kuposa pamenepo. Madigiri 10 ajawa ndi a malo amenewo.

Choncho mota yathu ija, ngati ndi ya kalasi F, ikadali m'malire ngakhale yatsala pang'ono. Ngati ndi ya kalasi B, yadutsa. Waya amene sayenera kupitirira 120 ali pa 132. Amisiri amadziwa kuti madigiri 10 aliwonse opitirira malire amadula moyo wa vanishi ndi theka, ndiye mota imeneyi sikhala ngakhale theka la zaka zake. Siipsa lero ayi, n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Vanishi amauma pang'onopang'ono, amachita ming'alu, kenako tsiku lina mawaya awiri oyandikana amagundana. Ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene m'kanyumba ka malata mpweya umadutsa 40 m'miyezi ino, mota yomweyo ikakwera ndi 96 ifika pafupi ndi 140.

Apa ndiwonjezepo za mota yowayindidwanso. Kachitsulo kaja kamanena za waya ndi vanishi wa kufakitale, osati amene anaikamo mmisiri. Funsani mmisiri wanu kuti anagwiritsa ntchito zipangizo za kalasi yanji. Akayamba kuzungulira, iwerengeni ngati B.

Ena amene ndinawaonetsa njirayi anabwera n'kumati, "Tayeza, mota ili bwino," koma atayeza mochedwa. Mota ikangozimitsidwa, waya amayamba kutaya kutentha kwake m'chitsulo chomuzungulira, ndipo m'mphindi zoyambazo amazizira msanga kwambiri. Muyezo wa IEC uja umati pa mota yosapitirira makilowati 50, maomu awerengedwe pasanathe masekondi 30 chizimitsireni. Inu mukazimitsa n'kuyamba kufunafuna sipanala, kumasula chivundikiro cha bokosi la mawaya, kusaka mabatire a mita, mphindi zisanu zapita. M'malo mwa 3.40 mwina mupeza 3.25. Iwerengeni nokha: ikupereka madigiri 116, kukwera kwa 80, ndipo mota yodwala ija yakhoza mayeso. Masulani zomangira zonse za chivundikirocho musanazimitse, ndipo mukhale awiri, wina pa switchi ndi wotchi, wina pa mita. Mukalephera kufika pa masekondi 30, lembani maomu pa masekondi 60, 90, 120 ndi 150, jambulani mzere pa pepala, n'kuubweza m'mbuyo mpaka pa masekondi 30.

Vuto lina ndi mita yeniyeniyo. Kamita kam'thumba kamene kamawerenga maomu modumpha 0.1 sikakwanira pa ntchito iyi. Pa koyilo ya maomu 2.40, kulakwa kwa 0.1 kokha ndi pafupifupi madigiri 11. Zingwe za mita nazo zili ndi maomu ake. Tinene kuti zili ndi 0.30 ndipo simunawachotse: muwerenga 2.70 ndi 3.70, masamu akupatsani 120 m'malo mwa 132, ndipo kulakwa kumeneku nthawi zonse kumakomera mota, kumaionetsa yozizirirapo. Gundanitsani nsonga za zingwezo, lembani nambala imene yatuluka, muichotse pa miyezo yonse iwiri. Mota ya chigayo ya makilowati 15 kapena 22 ndiye ili ndi maomu osafika ngakhale 1, imeneyo imafuna mita ya zingwe zinayi yoyezera maomu ang'onoang'ono. Bwerekani kwa amisiri akuluakulu. Mapampu omira m'mjigo njirayi imavuta, chifukwa chingwe chake chachitali chimalowa m'muyezo pamene icho sichinatenthe ngati koyilo.

Zochita zake mwachidule, popeza zambiri mukuzidziwa kale. Muyezo wozizira mutenge m'mawa mota itagona usiku wonse pamthunzi, ndipo R1 ndi T1 muzilembe ndi penti mkati mwa chivundikiro kuti musadzayezenso. Mota igwire ntchito yake yeniyeni kwa maola angapo, mpaka kutentha kwa chitsulo chakunja kutasiya kukwera. Zimitsani pa switchi yaikulu, osati pa batani lokha, ndipo dikirani shafiti iime musanakhudze waya ndi mita. Pa mota ya fezi imodzi tsitsani kaye moto wa kapasita. Yezani pa nsonga zomwe munayeza m'mawa, ndi mita yomweyo. Tsiku lina yezani V1 ndi W1, lina W1 ndi U1, awiri aliwonse ndi R1 wawowawo. Ngati awiri ena akutentha kuposa anzawo, onani mavoti a mafezi atatuwo, chifukwa kusiyana kwa 3.5 pa 100 kokha kumawonjezera kukwera kwa kutentha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mukapeza kuti yadutsa malire, yambani ndi zosalira ndalama. Tsukani gaga ndi fumbi m'mizere ya chitsulo ndi pa sefa ya fani, boolani mawindo m'kanyumbako, masulani lamba ngati wathina kwambiri. Pa chigayo chepetsani chimanga chimene mukuthira, pa pampu tsekaniko pang'ono valavu yotulutsira madzi mpaka maampu atsike pansi pa nambala yolembedwa pa kachitsulo kaja, ndipo ovalodi, chipangizo chodula moto mota ikalemedwa, muibweze pa nambala yomweyo ngati wina anaikweza kuti isamadule. Kenako yezaninso maomu mawa lake masana.