Kutsuka, kusanitayiza ndi kupha majeremusi: funso la thabwa lodulirapo nkhuku

Pa mayeso a ukhondo a anthu ogwira chakudya pamabwera funso lotere: mwadulira nkhuku yaiwisi pa thabwa, tsopano mukufuna kudulirapo tomato wa saladi, muyambe ndi chiyani? Ena amasankha kuthira jiki. Yankho lolondola ndi kutsuka.

Kutsuka ndi kuchotsa mafuta, magazi ndi zotsalira za chakudya ndi sopo, madzi ofunda ndi kukwecha. Thabwa limaoneka loyera, koma majeremusi ena amatsalira m'mizere yomwe mpeni wacheka. Chifukwa choyambira apa n'chakuti mafuta ndi magazi zimadya mphamvu ya klorini wa mu jiki isanafike pa majeremusi. Jiki wothira pa thabwa lonona wangotayika.

Mukatsuka ndi kutsukuluza sopo yense, ndiye mumasanitayiza, kutanthauza kuchepetsa majeremusi otsalawo mpaka asathenso kudwalitsa munthu. Izi ndi za zinthu zokhudzana ndi chakudya, monga mipeni, matabwa, mbale ndi tebulo lokonzerapo ndiwo. Ngati botolo la jiki lalembedwa 3.5%, thirani tiyisupuni imodzi, mamililita 5, mu lita imodzi ya madzi ozizira. Thabwa likhale lonyowa ndi madziwo kwa mphindi yathunthu, kenako liimikeni liume lokha. Kulipukuta ndi kansalu ka m'khitchini ndi kubwezerapo majeremusi, ndipo yankho limeneli likapezeka pa mayeso ndi msampha. Popanda jiki, kumiza ziwiya m'madzi otentha madigiri 77 kwa masekondi 30 kumagwira ntchito yomweyo.

Kupha majeremusi kumafuna mankhwala amphamvu kuposa apa, ndipo malo ake ndi chimbudzi, zogwirira zitseko, bini ndi pansi. Jiki yemweyo mumathira masupuni akulu awiri, mamililita 30, mu lita imodzi, n'kusiya malowo ali onyowa kwa mphindi zosachepera 5. Pamene munthu wasanza pamafunika madzi amphamvu kuposanso awa, mutayamba mwawola masanziwo mutavala magolovesi. Madzi amphamvu chotere akakhudza tebulo la chakudya, litsukuluzeni ndi madzi oyera, apo ayi klorini alowa m'chakudya ndipo zitsulo ziyamba kuchita dzimbiri.

Samalani ndi mawu a pa pepala la mayeso. Maphunziro ochokera ku Britain amatchula kuchepetsa majeremusi pa ziwiya ndi dzina lomwelo la kupha majeremusi, choncho tsatirani tanthauzo la m'buku lomwe mwaphunzitsidwa. Dongosolo lokha silisintha: kupala zotsalira, kutsuka, kutsukuluza, kuthira mankhwala, kuumitsa.

Madzi a jiki sungunulani atsopano tsiku lililonse, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimawatha mphamvu, ndipo akayamba kuda atayeni ngakhale tsiku lisanathe. Fungo si muyeso. Timapepala toyezera klorini ndi tomwe timaonetsa ngati akadali ndi mphamvu. Musasakanize jiki ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, mpweya wake umapweteka mapapo.