Zigamba zakuda kumaso mukabereka

Amayi anzanga, zigamba zakuda zomwe zimatuluka pamasaya, pachipumi ndi pamwamba pa mlomo muli ndi pakati, madokotala amazitcha melasima. Siziyabwa, sizipweteka, ndipo kawirikawiri zimabwera mbali zonse ziwiri za nkhope. Mahomoni a pathupi ndiwo amachulukitsa utoto wa khungu, dzuwa n'kumaonjezera.

Kwa ambiri zimazilala zokha pakapita miyezi mwana atabadwa, koma mukamakhala padzuwa zimakanirira. Ine zanga zinkada kwambiri ndikachokera kumunda. Ndinayamba kuvala chipewa chachikulu, chifukwa duku siliphimba masaya, ndi kudzola mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Dzolani m'mawa uliwonse, ngakhale kuli mitambo, n'kubwerezanso pakatha maola awiri ngati muli panja kapena mwatuluka thukuta.

Chonde musathamangire mafuta oyeretsa khungu apamsika. Ena amakhala ndi mekyule kapena masiteroidi. Poyamba mumawala, kenako khungu limapyapyala, ziphuphu mbwee, zigamba n'kudetsetsa. Mandimu nawo amangowotcha khungu.

Zikakanabe, pitani kuchipatala, muwauze ngati mukuyamwitsa kapena mukumwa mapiritsi olerera, poti nawonso amatha kuziyambitsa.