Momwe mungaphunzitsire khutu ndi lilime kukweza ndi kutsitsa mawu m'Chichewa

Kuno ku Mzuzu ambiri anakula ndi Chitumbuka, Chichewa anachitola kusukulu ndi pawailesi. Mawu amawadziwa onse, koma munthu wa ku Dedza amazindikira kuti sanayamwire Chichewa asanamalize chiganizo. Chifukwa chake n'chakuti m'Chitumbuka liwu limakwera malo amodzimodzi, pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, kenako n'kutsika. M'Chichewa malo okwerawo amasinthasintha, ndipo tanthauzo limasintha nawo. Mténgo wa mango umakwera pa "te", pamene mtengo wa shuga ndi wotsika ponseponse. Mukautchula ndi chizolowezi cha Chitumbuka, zonse ziwiri zimamveka ngati wa mango uja. Polemba sitiika zizindikiro, koma pano ndiika kamzere pamwamba pa phatikizo lokwera.

Yambani ndi kupeza munthu mmodzi amene anayamwira Chichewa. Mmodzi basi, chifukwa wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje sakweza mawu mofanana ndendende, ndipo mukawasakaniza mudzasokonezeka. Mufunikanso foni yojambula mawu ndi zomvera m'makutu. Samalani ndi zija amayendetsa anyamata pa depoti, zokutidwa bwino m'pulasitiki koma mbali imodzi imafa musanafike ku Katoto. Yeserani pomwepo musanapereke ndalama.

Kujambula ndiye kumene kunandivuta. Ndinalemba mawu pa pepala n'kupatsa mayi wina woyandikana naye nyumba ku Chibavi kuti awerenge. Anawerenga monga timachitira potchula zogula kumsika: liwu lililonse ankalikweza kumapeto posonyeza kuti kukubwera lina, lomaliza lokha n'kuligwetsa. Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa analoweza kukwera kwa mndandandako, ndipo ankati akati mtengo, zimamveka ngati akufunsa funso. Kuonjezera apo, pa pepala mawu awiriwo amalembedwa chimodzimodzi, ndiye mayiwo sankadziwa kuti ndikufuna uti.

Mankhwala ake ndi kutaya pepala. Afunseni funso loti ayankhe ndi chiganizo chathunthu. Lozani wa mango panja, muti, "Mayi, icho n'chiyani?" Adzati, "Ndi mténgo." Kenako onetsani kapepala ka pa paketi ya shuga, ayankhenso, "Ndi mtengo." Chiganizo chikhale chomwecho, liwu likhale malo omwewo, ndipo apume pang'ono asanayankhe lina. Mukamva kumapeto kukukwera, jambulaninso. Dziwaninso kuti kumapeto kwa chiganizo "te" uja amatalika m'mawu onse awiri. Kutalika si kukwera, ndipo kukuwa si kukweranso. Ambiri mukawauza kuti akweze amangowonjezera mphamvu, liwu lili pomwe lija.

Mukajambula, musathamangire kutchula. Tsekani pakamwa, mung'ung'udze chabe zimene mwamva, dzanja likukwera ndi kutsika motsatira. Makonsonanti akachoka, khutu limatsala ndi nyimbo yokha. Odziwa likhweru aimbe likhweru.

Kenako dziyeseni. Mnzanu akuseweretsereni mawuwo ka 20 mosakaniza, inu muzingonena kuti "mango" kapena "shuga". Wongolota amapeza pafupifupi 10, choncho mukapeza 11 kapena 12 khutu silinayambe kumva. Musapitirire mpaka muzifika 18. Mukafika, sinthanani: inu mutchule, mwini chiyankhulo alote. Akalakwitsa iye, vuto lili pa lilime lanu.

Phindu lenileni lili pa aneni, chifukwa mayina osiyana motere ndi ochepa. Ndímathandíza, lokwera pa "ndi" woyamba ndi pa "ndi" wa pafupi ndi kumapeto, ndi zimene ndimachita masiku onse. Ndimathándiza, lokwera pa "tha", ndi zimene ndinali kuchita. Ikani mneni wina wautali ngati fotokoza mu nyimbo yomweyo: ndímafotokóza, ndimafótokoza. Aneni aafupi asiyeni kaye, poti malo okwerawo amayandikana kwambiri. Pambuyo pake onjezani sabatá yatha, kutanthauza kuti yafika kumapeto, ndi sabatá yátha, ija inapita.

Amene ali ndi kompyuta aikemo Praat, pulogalamu ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam. Ndi yaulere, wina asakulipiritseni poti akuikirani. Tsegulani mawu anu, dinani View & Edit, muone kamzere kabuluu kosonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Yerekezani kapangidwe kake ndi ka mayi aja, osati manambala, popeza liwu la abambo limakhala pansi kale.

Zotsalazo n'zomwezo: khúngu la pathupi ndi khungú la maso, kenako ziganizo zazitali, mphindi 10 patsiku. Amene akuphunzira Chitchaina cha Mandarini achite chimodzimodzi ndi mā, má, mǎ, mà, awiriawiri, ndipo má ndi mǎ awasungire kumapeto poti ndiwo amasokoneza kwambiri.