Momwe mungadziwire golide wachinyengo poyerekeza ndi mtengo wa pamsika wa dziko lonse

Mlamu wanga amagulitsa mpunga wa kilombero pa Nkhotakota boma. Tsiku lina, atangolandira ndalama za matumba, kunabwera mnyamata, matope ali m'miyendo, natulutsa kabotolo kokulunga m'pulasitiki. "Achimwene, ndachokera ku Bua, mwana wanga ali m'chipatala. Magalamu 50 awa, mungondipatsa K90,000 pa galamu." Mlamu anandiimbira foni mtima uli m'mwamba, ndipo tisanakambe zambiri tinachita masamu amene ndikufuna nanunso muwadziwe.

Choyamba, onani mtengo wa lero pa foni yanu, osati ya wogulitsayo. Chithunzi cha mtengo chimene iye akukuonetsani chikhoza kukhala chakale kapena chokonza. Tsegulani intaneti n'kulemba `XAU USD`. Nambala imene ituluke ndi mtengo wa aunsi imodzi ya golide weniweni m'madola a ku America, ndipo imasintha tsiku lonse. Yang'anani deti ndi nthawi pambali pake. Loweruka msika umakhala wotseka, choncho mudzaona mtengo wa Lachisanu, umenenso ndi wokwanira pa ntchitoyi.

Chachiwiri, sinthani aunsi kukhala magalamu, chifukwa kuno timayeza pa galamu. Apa ambiri amaphonya: aunsi ya golide ndi magalamu 31.1, pamene aunsi wamba ndi 28.35. Tiyerekeze kuti foni yaonetsa madola 4,000. Mukagawa ndi 31.1 mupeza madola 128.6 pa galamu.

Koma mtengo umenewo ndi wa golide woyengedwa, wa makarati 24. Wa mumtsinje amakhala wosakanizika ndi siliva komanso zinyalala zina, ndiye muyenera kuchotsako. Wa makarati 22 amakhala ndi magawo 91.6 a golide weniweni pa 100 alionse, wa 18 magawo 75. Ife tinangomukomera mtima mnyamatayo n'kunena kuti wake ali pa 90. Kenako tinachulukitsa ndi mtengo wa dola ku banki, umene pa chitsanzochi tiuike pa K1,750 (onani wa tsikulo pa tsamba la Reserve Bank of Malawi kapena funsani ku banki yanu):

```
4000 ÷ 31.1 × 0.90 × 1750 = 202,572
```

Ndiye kuti galamu imodzi ikuposa K200,000, ndipo kabotolo konse n'kopitirira K10 miliyoni. Mnyamatayo ankafuna K4.5 miliyoni yokha.

Apa mpofunika kudekha, chifukwa m'pamene dyera limalowera. Mlamu ataona kusiyanako anati, "Ndiye phindu lakelo bwanji!" Ine ndinamufunsa kuti, kodi munthu wokumba golide sadziwa mtengo wake? Anthu amene amakhala m'madzi tsiku lonse akusefa mchenga amaudziwa mtengo kuposa ine ndi inu, ndipo ogula amawatsatira komweko ndi masikelo awo. Kuyambira 2021 Reserve Bank yakhalanso ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund. Wogula weniweni amadulako pang'ono kuti apeze phindu ndi kulipira zoyengera, koma sadula theka. Dziwaninso kuti masamu athu tachitira dola ya ku banki. Nthawi imene madola akusowa, golide m'makwacha amakwera kuposa pamenepo, choncho nambala yathuyi ndi yapansi. Munthu wa mwana wodwala angasiye bwanji wogula amene ali pafupi, n'kudzataya K5 miliyoni kwa wogulitsa mpunga?

Mtengo ukhoza kugwirizana ndi msika koma katunduyo n'kukhala wabodza ndithu, popeza akathyali ena masamuwa amawadziwa. Ndiye yezani kulemera kwake. Golide ndi wolemera kwambiri: mililita imodzi imalemera magalamu 19.3, pamene bulasi, chitsulo chachikasu chimene amachipala n'kumugulitsa ngati golide, ali pafupifupi 8.5. Tengani sirinji ya mamililita 10, chotsani chokankhira, tsekani kukamwa kwake ndi chala, thirani madzi mpaka pa 3, kenako thiranimo magalamu 50 aja mutawayeza pa sikelo yanu. Golide wa mumtsinje akweza madziwo ndi mamililita pafupifupi 3. Bulasi awakweza ndi pafupifupi 6. Thirani kabotolo konse, osati kambewu kamene wakusankhirani, chifukwa kambewuko nthawi zambiri kamakhala kenikeni. Kuyeza kumeneku kumagwira bulasi ndi mkuwa, koma sikulowa m'malo mwa makina a akatswiri, ndipo kugula golide kuti mukagulitse kumafuna layisensi ya boma.

Mlamu atamuuza mnyamata uja kuti adikire kaye atumize mwana kukagula sirinji ku famase, iye anati akukaimba foni kuseri kwa golosale. Sanabwerenso.