Momwe kabungwe kanu kangakonzerenso kalata yosalipira msonkho ku MRA

Inu amene mukuyendetsa timabungwe tachifundo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, yambani mwatulutsa kalata ija a MRA anakupatsani yoti ndalama za bungwe zisamadulidwe msonkho, muone deti yomwe ikuthera. Kupemphanso kuyambe kukadali miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mapepala omwe amafunika sapezeka tsiku limodzi.

Choyamba ndi fayilo. Muikemo satifiketi yolembetsera bungwe, malamulo a bungwe, TPIN, kalata yakaleyo, satifiketi ya chaka chino ya ofesi yoyang'anira mabungwe ya NGORA (ija inkatchedwa NGO Board lamulo lisanasinthe mu 2022), lipoti la ntchito zomwe mwagwira, maakaunti oti odita wawaona ndi sitetimenti yakubanki ya miyezi yonse 12. Ambiri amakodwa pa NGORA pomwepa, malipoti apachaka sanatumize ndiye satifiketi palibe. Ngati muli ndi antchito amalipiro ofika podulidwa msonkho, lowani pa tsamba la MRA la Msonkho Online muone ngati PAYE, msonkho wa pamalipirowo, inkapita pofika pa 14 mwezi wotsatira, paja kukhululukidwa kwa bungwe sikukhudza malipiro a antchito ayi.

Tsono ntchito yeniyeni ili pa zopereka, apa ndi pomwe mafunso amabwera. Ofesala amafuna adziwe zitatu pa ndalama iliyonse yomwe inalowa: anapereka ndani, anaperekeranji, nanga inagwira ntchito yanji. Musadikire akufunseni, khalani pansi msungichuma, mlembi ndi apampando, mutenge sitetimenti ndi buku la malisiti muziyenda mzere ndi mzere, deti, dzina, ndalama, nambala ya lisiti, cholinga.

Tiyerekeze kabungwe ka ku Lobi kophikira ana phala kumkombaphala. Sitetimenti ikuonetsa kuti chaka chonse kunalowa K4,800,000 koma malisiti mukawonkhetsa akukwana K3,900,000, ndiye pali K900,000 yopanda mwini. Kufufuza bwino mukupeza kuti K600,000 anatumiza ndi mwana wakumudzi konko yemwe ali ku Joni, anatumiza pa Mukuru m'dzina la apampando, iwo n'kukatenga n'kukaika ku akaunti ya bungwe, ndiye pa sitetimenti pakuoneka dzina la apampando basi. Palibe anaba apa, koma kwa munthu wongowerenga mapepala zikuoneka ngati apampando akusungitsa ndalama zawo za geni ku bungwe pothawa msonkho. Chochita, pemphani wotumizayo alembe kalata yosayinidwa yonena dzina lake, ndalama, tsiku komanso kuti ndi mphatso yogulira ufa wa soya ndi shuga wa ana, ajambule atumize ngakhale pa WhatsApp musindikize. Muphatikize uthenga wa Mukuru uja, kapepala koikira ndalama kubanki ndi maminitsi a msonkhano womwe komiti inauzidwa za ndalamayo. Lisiti mulembe ndi deti ya lero n'kufotokozapo kuti ndi la ndalama ya tsiku lakuti, chonde osabweza deti m'mbuyo, manambala a m'buku amayenda motsatana ndiye bodzalo limaonekera pompo ndipo likaoneka fayilo yonse ayamba kuikayikira.

K300,000 yotsalayo ndi ya mbatatesi za m'munda wa bungwe zomwe munagulitsa kwa mavenda. Imeneyi si chopereka ndipo musaitchule chopereka. Ilembeni payokha ngati ndalama ya malonda, muonetse kuti inagula nkhuni ndi mapoto ophikira, osati kugawana a komiti, zoti ikhomeredwe msonkho kapena ayi agamule ndi a MRA.

Katundu naye ndi chopereka. Matumba 20 a chimanga ochoka kumpingo alembedwe m'buku la sitolo tsiku lolowa, ndipo potuluka pakhale mndandanda wa olandira, asayine kapena adinde chala, amfumu aikepo chidindo. Koma ngati wina akutumiza katundu kuchoka kunja, kalata yanuyi siichotsa msonkho wapachipata, umenewo umapemphedwa padera katundu asanafike pa boda ya Dedza kapena Biriwiri.

Zonse zikakwana lembani kalata yopempha kupita kwa Komishonala Jenerale wa MRA, asayine apampando ndi mlembi, mukapereke koma kope yanu adindepo tsiku lolandirira. Akakutumizirani mafunso yankhani molemba, funso lililonse yankho lake ndi pepala la umboni kumbuyo kwake, ndipo pomwe umboni sunafike nenani kuti mukuudikira ndi tsiku lomwe mubweretse. Zomwe mwauzidwa pafoni zilembeni nthawi yomweyo ndi dzina la ofesalayo, muike mufayilo momwemo.