Momwe mungawerengere sitetimenti ya penshoni n'kudziwa ngati ndalama zanu zinafikadi

Kudulidwa ndalama ya penshoni pa peyisilipu sikutanthauza kuti ndalamayo yafika ku thumba la penshoni. Peyisilipu imalembedwa ndi abwana anu, pomwe sitetimenti imachokera ku kampani yosunga penshoni, monga Old Mutual kapena NICO, ndipo imangoonetsa zimene kampaniyo inalandiradi. Choncho musawerenge sitetimenti payokha. Tulutsani mapeyisilipu onse a chaka chimenecho, sitetimenti ya chaka chatha, cholembera ndi foni yowerengetsera.

Yambani ndi pamwamba: dzina, nambala ya umembala, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwe munalowa m'thumbali. Ambiri amadumpha pamenepa pothamangira chiwerengero chachikulu cham'munsi, komatu tsiku lobadwa likalakwika mudzavutika nalo popuma ntchito. Kenako onani mzere wa Opening balance. Ndalama ili pamenepo ifanane ndendende ndi imene ili pa Closing balance ya sitetimenti ya chaka chatha. Zikasiyana, funsani chifukwa chake musanapite patsogolo.

Tsopano tifike pa zosonkha, pomwe pagona nkhani. Malamulo a penshoni m'dziko muno amati wogwira ntchito azisonkha ndalama zosachepera 5 peresenti ya malipiro ake, wolemba ntchito aziwonjezerapo zosachepera 10 peresenti, ndipo zonsezi zizitumizidwa pasanadutse masiku 14 mwezi ukatha. Pa sitetimenti mbali ziwirizi zimalembedwa padera, Employee contributions ndi Employer contributions.

Tiyerekeze kalaliki wa pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu, amene malipiro ake owerengera penshoni ndi K300,000 pamwezi. Ziwerengero zonse za chitsanzochi n'zongopeka kuti masamu aoneke bwino. Iye amadulidwa K15,000, abwana amaikapo K30,000, zonse pamodzi K45,000 pamwezi. Pachaka mbali yake iyenera kukwana K180,000, ya abwana K360,000. Koma sitetimenti yake ikuonetsa K150,000 ndi K300,000. Gawani K150,000 ndi K15,000, mupeza 10. Ndiye kuti inafika miyezi 10 yokha, ndipo K90,000 ya miyezi iwiri sinalowe, ngakhale mapeyisilipu onse 12 akuonetsa kuti anadulidwa.

Musanakalowe mu ofesi ya abwana mutakwiya, onani kaye zinthu ziwiri zimene zimapusitsa anthu. Choyamba, peresenti ija sawerengera pa ndalama yonse imene munalandira. Ovataimu ndi maalawansi obwera mwa apo ndi apo nthawi zambiri salowamo, n'chifukwa chake ndi bwino kuwonkhetsa zimene zinadulidwa pa peyisilipu iliyonse m'malo mongochulukitsa ya mwezi umodzi, makamaka ngati malipiro anakwera chaka chili pakati. Chachiwiri, ndalama ya Disembala imatha kufika mu Januwale n'kukaonekera pa sitetimenti ya chaka chotsatira. Komabe kwa munthu amene wakhalitsa pantchito miyezi imakwanabe 12, poti ya Disembala wapitawo inaloweranso chimodzimodzi m'chaka chino. Mwezi umodzi ukasowa, mwina n'kuti ya Disembala wapitawo inafika msanga pomwe ya chaka chino yachedwa. Iwiri kapena itatu, ayi.

Sitetimenti ikangoonetsa chiwerengero cha chaka chonse, pemphani kwa osunga penshoni ndondomeko ya mwezi ndi mwezi yokhala ndi madeti amene ndalama zinafika. Madetiwo amaulula china chimene chiwerengero cha pachaka chimabisa. Malo antchito amene ndalama zawo zimadalira nyengo amatha kusunga zosonkha za Januwale mpaka Malichi, n'kudzatumiza zonse pakamodzi msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma. Pakutha pa chaka miyezi imakwana bwinobwino, koma ndalama yofika mochedwa yataya phindu la miyezi imene inali m'manja mwa abwana.

Phindu limalembedwa mosiyanasiyana, pena Bonus, pena Investment income kapena Interest. Ndi gawo lanu la zimene thumba lapindula poika ndalama m'masheya, m'ngongole za boma ndi m'nyumba zochititsa lendi. Kalaliki wathu anayamba chaka ndi K2,000,000, ndipo bonasi yake ndi K400,000. Wina angathamangire kunena kuti ndi 20 peresenti, koma si zoona, chifukwa K450,000 imene inalowa m'kati mwa chaka nayonso inabereka. Poti inkalowa pang'onopang'ono, tengani theka lake, K225,000, muphatikize ndi K2,000,000, kenako mugawe K400,000 ndi K2,225,000. Yankho ndi pafupifupi 18 peresenti. Si masamu enieni a kampani, koma amakufikitsani pafupi.

Kodi 18 peresenti ndi yabwino? Zitengera mmene mitengo ya zinthu inakwerera chaka chomwecho, ndipo chiwerengero chimenecho amalengeza ndi a National Statistical Office ku Zomba. Ngati mitengo inakwera ndi 25 peresenti, ndalama imene kalalikiyu anayamba nayo chaka, pamodzi ndi phindu lake, yachuluka pa pepala koma igula matumba ochepa a feteleza kuyerekeza ndi chaka chatha. Onaninso ngati pafupi ndi bonasiyo palembedwa Interim. Imeneyo ndi yongoyembekezera, ndipo ikhoza kusintha akadzalengeza bonasi yeniyeni ya chakacho. M'matumba ena bonasi imagawidwanso pawiri: ya Vested ndi yanu basi, singachotsedwe, pomwe ya Non-vested kampani ili ndi mphamvu yoichepetsa misika ikavuta kwambiri.

Zolipira n'zimene zimabisala kuposa zonse. Ena amaziika poyera pa mzere wa Administration fee. Kwa kalaliki wathu ndi K18,000, imene ili 4 peresenti ya K450,000 yomwe inafika. Muone ngati peresentiyo ikufanana ndi ya chaka chatha. Mzerewu ukasowa sindiye kuti ntchitoyo ndi yaulere: mwina abwana amalipira padera, kapena ndalamayo inachotsedwa kale pa zosonkha zisanalembedwe. Chizindikiro cha zachiwirizi n'chakuti mbali ya abwana imaperewera pang'ono mwezi uliwonse ndi mlingo wofanana, mwachitsanzo K28,200 m'malo mwa K30,000, pomwe mbali yanu ili yokwana. Zikatero funsani kuti yachotsedwayo ndi ya chiyani komanso ngati malamulo a thumba lanu amalola zimenezo. Malipiro a akatswiri oyendetsa ndalama pamisika nthawi zambiri simuwaona n'komwe, amachotsedwa bonasi isanalengezedwe.

Mukatha, wonkhetsani: K2,000,000, kuphatikiza K450,000, kuphatikiza K400,000, kuchotsa K18,000, zikupereka K2,832,000. Closing balance ikhale imeneyo. Musadabwe mukapeza kuti masamu akugwirizana pomwe miyezi iwiri ikusowa. Sitetimenti imawonkhetsa zimene zinafika zokha.

Mukapeza mwezi wosowa, lemberani kalata a ku ofesi yoona za antchito ya kuntchito kwanu, mutchule miyeziyo ndi ndalama zake, mumatepo mafotokope a mapeyisilipu, ndipo kope imodzi ya kalatayo ikhale yanu, atadindapo kuti alandira. Apempheni umboni woti anatumiza ndalamazo pamodzi ndi mndandanda wa maina umene unapita nazo. Mndandandawu ngofunika chifukwa nthawi zina abwana analipiradi, koma dzina lanu linasiyidwa kapena nambala ya umembala inalakwika, ndalama n'kungokhala ku kampani ya penshoni osadziwika mwini wake. Vuto lotere limatha ndi kalata imodzi yochokera kuntchito kwanu. Ngati ndalama sizinatumizidwe ndipo abwana akungokuzungulitsani, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene ali ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa olemba ntchito osatumiza zosonkha. Popita kumeneko tengani sitetimenti, mapeyisilipu, ndondomeko ya mwezi ndi mwezi ija ndi kope ya kalata yodindidwa.