Momwe mungamalizire gawo lapamwamba la kiyubu ya Rubik

Ambiri amene ndimawaona akusewera kiyubu muno mu Lilongwe amafika bwinobwino pa gawo lomaliza, koma amagwa pa ngodya zinayi zapamwamba. Malangizowa ndi a inu amene mwamaliza magawo awiri apansi, mwapanga mtanda wachikasu pamwamba, ndipo mikono ya mtandawo ikugwirizana ndi mitundu ya m'mbali.

Zilembo zake ndi izi: R ndi mbali yakumanja, L yakumanzere, U yapamwamba, D yapansi. Chilembo chokha chikutanthauza kupotoza mbaliyo kamodzi motsata mivi ya wotchi mukaiyang'ana maso ndi maso. Chikakhala ndi kachizindikiro aka ', potozani mobwerera.

Choyamba ngodya iliyonse ifike pamalo pake. Pezani imene mitundu yake itatu ikufanana ndi mbali zitatu zoizungulira, ngakhale itapendekeka. Igwireni ikhale kutsogolo chakumanja, nkuchita izi kamodzi kapena kawiri:

```
U R U' L' U R' U' L
```

Ngati palibe ngodya yotero, chitani kamodzi, ipezeka.

Tsopano patsala kutembenuza ngodyazo kuti chikasu chiyang'ane kumwamba. Ikani ngodya yopendekeka kutsogolo chakumanja, pamwamba, mubwereze izi:

```
R' D' R D
```

Chikasu chikayang'ana kumanja mubwereza kawiri, chikayang'ana kwa inu mubwereza kanayi. Pamenepa magawo apansi aoneka osokonekera, ndipo apa ndi pamene anthu amachita mantha nkuyambiranso. Musatero. Mayendedwe anayiwa akabwerezedwa kasanu ndi kamodzi amabwezera zonse m'malo mwake, choncho pansipo pakonzeka pokha mukatsiriza ngodya zonse.

Tiyerekeze kuti ngodya ziwiri zakumanja ndizo zapendekeka, zonse chikasu chili kumanja. Bwerezani kawiri, yakutsogolo ikhala bwino. Potozani U yekha kuti yakumbuyo ibwere pamalo omwewo. Tsopano chikasu chake chikuyang'ana kwa inu, ndiye bwerezani kanayi. Kawiri ndi kanayi zakwana 6, pansi pabwerera. Malizani ndi U', kiyubu yatha.

Zolakwika zimene zimawononga ntchito yonse ndi ziwiri. China ndi kutembenuza kiyubu yonse m'manja m'malo mopotoza U yekha. Chinacho ndi kuiwala D womaliza chifukwa chosangalala kuti chikasu chafika pamwamba. Ndi bwino kuwerenga mokweza, anayi anayi, mpaka zala zitazolowera.

Mukapeza kuti zonse zili m'malo koma ngodya imodzi yokha ndiyo yapendekeka, musavutike kubwereza, zimenezo sizitheka pa kiyubu yabwinobwino. Ndiye kuti ngodyayo inapotokera pamalo pomwepo kapena wina anaibwezera molakwika itazuka, zimene zimachitika kawirikawiri ndi makiyubu otsika mtengo, olobodoka. Igwireni ndi zala muipotoze pang'onopang'ono mpaka chikasu chikhale pamwamba.